Mwatiuza za loko wachiwiri, nanga foni ikabedwa pa Bree?

M'maofesi, m'masitolo akuluakulu ndi m'nyumba zosungira katundu za mu Johannesburg mukuyenda kalata yomwe ogwira ntchito ambiri aiona kale. Imachokera kwa mkulu wa za makompyuta, ndipo uthenga wake ndi umodzi: kuyambira tsiku lakuti, pasiwedi yokha sidzakutsegulirani imelo kapena buku la malipiro. Mukalemba pasiwedi, muzitsimikizanso pafoni kuti ndinudi. Kalatayo imafotokoza bwino mmene mungaikire pulogalamu ya Microsoft Authenticator kapena ya Google Authenticator, nthawi zina ndi zithunzi zomwe. Kenako kumunsi, pamzere umodzi wokha, imati foni ikatayika mudziwitse a za makompyuta. Ine ndikuti lamuloli ndi lolondola ndipo onyinyirika aleke. Koma ndikutinso kalata yomwe yapatsa foni yotayika mzere umodzi ndi kalata yosatha, ndipo amene amalipira kusathako ndi wantchito wapansi, makamaka wochokera kunja ngati ife Amalawi.

Ndiyambe ndi onyinyirika, chifukwa ndi ambiri. Akuti abwana angofuna kutivutitsa, pasiwedi takhala nayo zaka zonsezi. Anthu amenewa aiwala msanga zomwe zachitika mumzinda womwe uno. Mu Julaye 2019 akuba a pa intaneti anatseka makompyuta a City Power, ndipo anthu analephera kugula mayunitsi a magetsi pakati pa nyengo yozizira. Mu Okutobala chaka chomwecho gulu lodzitcha Shadow Kill Hackers linalowa m'makompyuta a khonsolo ya mzinda wa Johannesburg n'kulamula kuti lipatsidwe mabitikoini 4. Mu Malichi 2022 kampani ya TransUnion, yomwe imasunga mbiri ya ngongole za anthu, inavomera kuti akuba analowa pogwiritsa ntchito dzina ndi pasiwedi za kasitomala wake wovomerezeka. Akubawo anafuna madola 15 miliyoni, ndipo anadzitama kuti pasiwedi yomwe anaipeza inali mawu akuti `password`. Kwathu nako sitinapulumuke: mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowedwa ndi akuba. Nkhani ya TransUnion ndiyo ikukhudza kalata yathuyi mwachindunji. Pasiwedi ndi chinthu chomwe munthu akhoza kukubera uli mtulo, iye ali kutsidya kwa nyanja, iwe osadziwa kanthu.

Nzeru ya lamulo latsopanoli ndi yosavuta. Pasiwedi ndi chomwe ukudziwa, foni ndi chomwe uli nacho m'manja, ndipo wakuba ayenera kupeza zonse ziwiri. Zili ngati chitseko chokhala ndi loko komanso mpiringidzo. Poyamba kulembetsa, kompyuta imakuonetsa kachizindikiro ka timadontho kuti ukajambule ndi foni. M'kachizindikiro kameneko muli chinsinsi chomwe chimasungidwa mufoni mwako ndi m'makina a kampani basi. Foni imaphatikiza chinsinsicho ndi nthawi n'kutulutsa manambala 6 omwe amasintha pamasekondi 30 aliwonse. Manambalawa safuna data kapena netiweki, choncho amagwira ntchito ngakhale magetsi atazima n'kugwetsa netiweki. Chomwe amafuna ndi wotchi yolondola. Ukaona manambala akukanidwa pomwe wawalemba bwino, yang'ana kaye nthawi ya pafoni, chifukwa ikasemphana ndi nthawi yeniyeni ndi mphindi zingapo, manambalawo amakhala olakwika.

Taonani pomwe pali vuto. Chinsinsi chija chili mufoni. Foni ikapita, chinsinsi chapita nayo. Ndipo muno mu Joni foni sitayika mwa apo ndi apo ngati kalatayo ikuganizira. Imatsomphoredwa pa siteji ya mateksi ya Bree, pa Noord, pakhomo la Park Station, pawindo la galimoto pamaloboti. Wolemba kalata amadziwa zimenezi, nayenso amabisa foni yake akamadutsa m'tauni. N'chifukwa chiyani tsono chinthu chomwe chidzachitikira wantchito wake posachedwa wachilemba ngati mawu ongowonjezera?

Titenge chitsanzo chomwe aliyense angachizindikire. Pali mayi wa kwathu amene ndi kalaliki pakampani ina yonyamula katundu ku City Deep. Mufoni mwake muli imelo ya kuntchito, pulogalamu yotsimikizira ija, banki yake, WhatsApp ndi njira yomwe amatumizira ndalama kumudzi. Lachisanu 6 koloko madzulo, ali pamzere wa teksi pa Bree, wina wamtsomphola foniyo ali mkati moyankha uthenga, ndiye kuti yapita ili yotsegula. Akumbukira kalata ija. Adziwitse a za makompyuta, inde, koma motani? Kalatayo inapereka adiresi ya imelo, ndipo imelo yake sangaitsegule popanda foni. Nambala ya ofesiyo inali mufoni momwemo. Akabwereka foni ya mnansi n'kuimba nambala yaikulu ya kampani, palibe woyankha mpaka Lolemba 8 koloko m'mawa. Kuchokera Lachisanu 6 koloko madzulo mpaka Lolemba 8 koloko m'mawa ndi maola 62. Maola onsewo imelo ya kampani ili yotsegula m'manja mwa munthu wosadziwika, muli mayina a makasitomala, ma invoisi ndi manambala a kubanki.

Wina anena kuti mbava ya pa Bree imangofuna kugulitsa foniyo. Nthawi zambiri n'zoona. Koma mabanki a dziko lino, kudzera ku bungwe lawo la SABRIC, akhala akuchenjeza kuti otsomphola mafoni masiku ano amafuna foni yotsegula kuti alowe m'mapulogalamu a banki, ndipo amafufuza mapasiwedi omwe eni ake anasunga mufoni momwemo. Pamenepa loko ndi mpiringidzo zonse zili m'dzanja limodzi. Lamulo lomwe linapangidwa kuti litchinge wakuba wakutali silithandiza pa wakuba amene wagwira foni yotsegula, pokhapokha wina atseke msanga. Choncho chitetezo chonse chatsamira pa funso limodzi: pakupita mphindi zingati kuti a za makompyuta amve? Kalata yosayankha funso limeneli yasiya theka la ntchito yake.

Lolemba mayi uja afika kuntchito. Auzidwa kuti palibe vuto, nambala yotsimikizira aitumiza pa meseji, angopita kwa Vodacom kapena MTN akatenge simu khadi yatsopano ya nambala yake yomweyo. Apa ndiye pagona nkhani yomwe olemba makalatawa sailingalira n'komwe. Lamulo la RICA limati simu khadi iliyonse ilembetsedwe ndi chitupa kapena pasipoti ya mwini wake pamodzi ndi umboni wa komwe amakhala. Tonse tikudziwa kuti abale athu ambiri, tsiku lomwe anatsika basi, anagula simu khadi yolembetsedwa kale m'mphepete mwa msewu, kapena anamulembetsera msuweni amene pano anabwerera ku Mangochi. Nambalayo waigwiritsa ntchito zaka zambiri, koma pamabuku a kampani ya mafoni si yake. Akapempha kuti amubwezere, amufunsa chitupa chogwirizana ndi dzina lolembetsedwa, ndipo alibe. Nambala yapita. Pamodzi nayo yapita njira yomwe kampani inkadalira kuti imuzindikire.

N'chifukwa chake ndikutsutsa mwamphamvu mchitidwe woika meseji ngati njira yokhayo yopulumukira. Meseji ndi yofooka mbali ziwiri. Wakuba akhoza kuchotsa simu khadi n'kuiika mufoni ina, manambala onse otsimikizira n'kumabwera kwa iye. Komanso chinyengo chosinthitsa simu khadi ya munthu wina, wakuba kudzinamiza kuti ndiye mwini nambala, n'chodziwika kwambiri m'dziko lino. Tsono zimakhala kuti wakuba angathe kulandira meseji yako, pomwe iwe mwini wake weniweni ukulephera kuombola nambala yako. Mkulu wa za makompyuta amene akudziwa kuti pakati pa antchito ake pali Amalawi, a ku Zimbabwe ndi a ku Mozambique, koma n'kulemba ngati aliyense ali ndi nambala yolembetsedwa m'dzina lake, walembera antchito a m'maganizo mwake, osati omwe ali pakhomo pake.

Palinso nkhani ya foni yeniyeniyo. Ndi ya ndani? Ambiri akuuzidwa kuti aike pulogalamu ya kuntchito pafoni yomwe anagula ndi ndalama zawo. Amene ali ndi kafoni ka mabatani auzidwa kuti agule yamakono. Amene yabedwa auzidwa kuti sangagwire ntchito mpaka atapeza ina, ndipo ena amaopa kuti masiku amenewo awadula pamalipiro. Walira mvula walira matope. Kampani yomwe yafuna chitetezo ichi ivomerenso mtengo wake. Pali timakiyi tachitetezo tolowetsa pakompyuta, tomwe amatitcha FIDO2, ndi timakina ting'onoting'ono totulutsa manambala tomwe timakwana pa mphete ya makiyi. Izi sizifuna foni, sizifuna simu khadi, ndipo mtengo wake ndi wochepa kuposa foni yamakono. Wantchito wopanda foni yoyenera apatsidwe chimodzi mwa zimenezi. Za kudula malipiro, lamulo la za ntchito la dziko lino, Basic Conditions of Employment Act, pandime 34, limati bwana sangadule ndalama chifukwa cha katundu wowonongeka kapena wotayika popanda wantchito kuvomera molemba, popanda kumumva kaye, ndiponso ngati kutayikako si kulakwa kwake. Kuberedwa pa siteji si kulakwa.

Mantha amenewa si nkhani ya chifundo chabe. Wantchito amene akuopa kudzudzulidwa amabisa. Amadikira kuti mwina foniyo ipezeka, amabwereka akaunti ya mnzake kuti ntchito iyende, ndipo pofika pomwe nkhani imveka papita masiku. Pamenepo kampani ili pamavuto ndi lamulo. POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, pandime 22 limalamula kuti pakakhala chifukwa chokhulupirira kuti munthu wosaloledwa waona zinsinsi za anthu, kampani idziwitse ofesi ya Information Regulator ndi eni zinsinsizo mwamsanga. Chindapusa chake chimafika marandi 10 miliyoni. Ofesi imeneyi si yongoopseza: mu 2023 inalipiritsa unduna wa za chilungamo marandi 5 miliyoni pankhani yochokera pa kulowedwa kwa makompyuta ake mu Sepitembala 2021. Choncho chiganizo chimodzi chonena kuti wonena msanga sadzalangidwa chikuteteza kampani kuposa masamba onse a zithunzi aja.

Nanga kalata yabwino inene chiyani? Choyamba, ipereke nambala ya foni yomwe munthu amayankha usiku ndi kumapeto kwa sabata, ndipo nambalayo isindikizidwe kuseri kwa chitupa cha kuntchito, osati kungokhala mu imelo. Chachiwiri, inene ndondomeko yake motsatana, chifukwa munthu amene wangoberedwa kumene mutu sugwira. Aimbe kuntchito ndi kubanki mkati mwa ola loyamba. Kenako aimbire kampani ya mafoni kuti itseke simu khadi ndi kuika foniyo pamndandanda wa mafoni obedwa. Pamenepa adzafunsidwa nambala ya foniyo ya manambala 15, yotchedwa IMEI, yomwe imaoneka ukaimba `*#06#` ndipo imalembedwanso pabokosi lomwe foni inabweramo. Kampani ya mafoni imapereka nambala ya umboni woti foni yatsekedwa, ndipo ndi imeneyo amapita nayo kupolisi kukatsegula mlandu. Ngati angapeze kompyuta kapena foni yobwereka, alowe pa `android.com/find` kapena `icloud.com/find` kuti atseke kapena kufufuta foniyo. Kalatayo inene zoona kuti kufufuta kumeneku kumachitika pokhapokha foniyo ikalumikizana ndi intaneti. Wakuba akaizimitsa, lamulo lofufutalo limangodikira.

Chachitatu, mkulu wa za makompyuta alembe zomwe iye adzachite akalandira uthenga woti foni yabedwa, kuti tizimufunsa. Kusintha pasiwedi kokha sikukwanira, chifukwa foni yomwe inalowa kale imakhala ndi chilolezo chomwe inapatsidwa poyamba. Pamakina a Microsoft, omwe makampani ambiri muno amagwiritsa ntchito, ayenera kudina `Revoke sessions` kuti atulutse foniyo paliponse pomwe inalowa, achotse foniyo pamndandanda wa njira zotsimikizira, ndipo afufute zinthu za kuntchito zokha, osakhudza zithunzi za ana a munthu. Ngakhale atatero, chilolezo china chimatha kugwirabe ntchito kwa pafupifupi ola limodzi, n'chifukwa chake kuchedwa kulikonse kumawerengeka. Akatha, aone mbiri ya malowedwe ndiponso ngati wina sanaike lamulo lotumiza maimelo mwachinsinsi ku adiresi yakunja. Pomubwezera wantchito pantchito, pali chiphaso chakanthawi chotchedwa Temporary Access Pass, chomwe chimatha chokha pakapita nthawi yoikika ndipo chimamulola kulembetsa foni yatsopano kapena kakiyi. Mayi wa ku City Deep uja akanatha kuyamba ntchito Lolemba m'mawa momwemo popanda nambala yake yakale.

Pano ndiyenera kuwaikira kumbuyo a za makompyuta pa chinthu chimodzi chomwe antchito amadana nacho. Ukaimba kuti foni yabedwa, adzatseka mosavuta, koma sadzakutsegulira pafoni pomwepo. Adzati ubwere ndi chitupa, kapena bwana wako akuone nkhope. Ena amati uku n'kusakhulupirira anthu. Ayi, akulondola. Mu Sepitembala 2023 kampani ya mahotela ya MGM Resorts ku Las Vegas inataya pafupifupi madola 100 miliyoni, ndipo malipoti anati akubawo anayamba ndi kuimbira ofesi yothandiza antchito akudzinamiza kuti ndi wantchito. Nkhani ya foni yotayika ndiyo bodza lomwe wakuba amakonda kunena. Choncho kutseka kuchitike msanga pa mawu a aliyense, chifukwa kutseka molakwa kumangochedwetsa ntchito pang'ono. Kutsegula kufune umboni. Chomwe ndikupempha n'chakuti umboniwo ulembedwe m'kalata, ndipo pasipoti ya Malawi kapena chitupa cha kuntchito zivomerezedwe, wantchito asamabwezedwe chifukwa alibe chitupa cha dziko lino.

Chachinayi, njira yachiwiri ikonzedwe tsiku lomwelo lolembetsa, foni isanatayike. Pa Google munthu amatha kusindikiza manambala 10 osungira, iliyonse yogwira ntchito kamodzi, n'kuwasunga kunyumba pamodzi ndi pasipoti, osati kuwajambula mufoni. Pa Microsoft, tsamba la `aka.ms/mfasetup` limalola kuwonjezera njira ina ngati kampani yatsegula mwayiwo. Ndipo antchito asanamizidwe kuti foni yatsopano idzabweza zonse yokha. Microsoft Authenticator ikabweza zosungidwa, akaunti ya kuntchito imafunabe kulembetsedwanso.

Ndisamalize ndisanalankhule ndi ife antchito, chifukwa si zonse zili kwa abwana. Ngati simu khadi yanu ili m'dzina la munthu wina, konzani zimenezi mwezi uno, foni ikadali m'thumba. Pitani kusitolo ya kampani ya mafoni ndi pasipoti ndi umboni wa komwe mumakhala, mulembetse nambala m'dzina lanu, kenako musinthe nambalayo kubanki, kuntchito ndi komwe mumatumizira ndalama. Ikani nambala yachinsinsi pa simu khadi yeniyeniyo, chifukwa wakuba akaiphonya katatu imatsekeka. Lembani IMEI papepala. Musasunge mapasiwedi mufoni ngati ndi kope. Ndipo foni ikakufunsani kuti muvomereze kulowa pomwe inu simukulowa paliponse, kanani ndipo nenani, chifukwa zimenezo zikutanthauza kuti wina ali kale ndi pasiwedi yanu. Mu Sepitembala 2022 kampani ya Uber inalowedwa motere: wakuba anatumiza mapempho mobwerezabwereza mpaka munthu wina wogwira ntchito kumeneko anavomera. Kuyambira Meyi 2023 Microsoft inakakamiza kuti wovomereza azilemba pafoni nambala yomwe ikuoneka pakompyuta. Munthu akakuimbirani n'kukuuzani nambala yoti mulembe, kapena kukufunsani manambala 6 aja, ameneyo ndi wakuba, ngakhale atadzitcha wa ku ofesi ya makompyuta.

Kwa inu akuluakulu a za makompyuta a mu Sandton, Midrand, Braamfontein ndi City Deep, pempho langa ndi ili. Lamulo lanu lisungeni, musabwerere m'mbuyo chifukwa cha madandaulo. Koma kalatayo ibwezeni patebulo. Musanaitumizenso, itanani woyeretsa, dalaivala, mlonda ndi kalaliki wochokera kunja, muwafunse kuti foni ali nayo yotani, simu khadi ili m'dzina la ndani, ndipo itabedwa Lachisanu usiku angaimbire ndani. Mayankho awo ndiwo alembe gawo la foni yotayika, ndipo gawolo likhale patsamba loyamba. Muikemo nambala yoyankhidwa usiku, njira yosadalira simu khadi, ndi lonjezo lolembedwa kuti wonena msanga salangidwa. Ndipo inu antchito, mukalandira kalata yopanda zinthu zitatu zimenezi, musangosayina. Funsani lero, foni yanu isanabedwe.